Ndalama zaoneka mu akaunti, koma cheke sichinalipidwe

Ife amene tinazolowera Mpamba ndi Airtel Money timakhulupirira kuti balansi ikakwera, ndalamazo ndi zathu basi. Mayi wogulitsa tomato amasuzumira pa foni, akaona kuti zalowa amapereka katundu, ndipo salakwitsa, chifukwa ndalama za pa foni zimachoka kwa wotumiza nthawi yomweyo imene zikufika kwa wolandira. Cheke sichiyenda choncho. Abale athu amene akukhala kunja, makamaka ku Amereka kumene macheke akadali ponseponse, amapita ndi chizolowezi cha kwathuchi, ndipo ena chawagwetsa m'ngongole imene sanaione ikubwera.

Cheke ndi kalata. Munthu amene ali ndi akaunti amalembera banki yake kuti, "Mupatseni uje ndalama zakuti kuchokera pa zanga." Inu mukalandira kalatayo simupita nayo ku banki ya wolembayo. Mumaipereka ku banki yanu, ndipo banki yanu imakhala mtumiki wokakutengerani ndalamazo. Choncho nthawi zambiri pa cheke pamakhala anthu awiri ndi mabanki awiri, ndipo amene ali ndi mawu omaliza ndi banki ya wolemba cheke. Ndiyo yokha imene ikudziwa ngati akauntiyo ilipodi, ngati muli ndalama zokwanira, ngati siginecha ndi ya mwini wake, ndiponso ngati mwiniyo sanaimbe foni kuti chekecho chisalipidwe. Banki yanu pa tsiku lodipozita sidziwa chilichonse mwa zimenezi. Kalaliki wa pa kauntala amangoona pepala.

Ulendo umene kalatayi imayenda kuchoka ku banki yanu kukafika ku banki yolipira ndi umene anthu amati kukiliya. Unayamba ndi miyendo. Cha m'ma 1770 ku London, akalaliki a mabanki ankazungulira mzinda kukasiya macheke ku banki iliyonse, mpaka anayamba kukumana pa malo amodzi omwera otchedwa Five Bells, mu msewu wa Lombard, n'kumasinthana macheke pomwepo. Banki iliyonse inkawerengera zimene ikuyenera kulandira ndi zimene ikuyenera kupereka, n'kulipira kusiyana kwake kokha. Mpaka lero maganizo ake ndi omwewo, kungoti pepala siliyendanso. Ku Amereka, lamulo lotchedwa Check 21 litayamba kugwira ntchito mu Okutobala 2004, mabanki anayamba kutumizirana zithunzi za macheke m'malo monyamula mapepala pa ndege ndi pa galimoto. Mukayang'ana m'munsi mwa cheke muona mzere wa manambala osindikizidwa modabwitsa. Makina amawerenga mzerewo. Muli nambala ya manambala asanu ndi anayi yosonyeza banki yolipira, nambala ya akaunti, ndi nambala ya chekecho. Chithunzi cha kumaso ndi kumbuyo chimatsata nambala ya bankiyo, nthawi zambiri kudzera ku Federal Reserve, banki yaikulu ya dziko la Amereka, kapena ku bungwe lina losinthanitsira macheke.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri sachidziwa. Banki yolipira ikalandira cheke n'kukhutira nacho, kawirikawiri situmiza uthenga wakuti "talipira". Imangokhala chete. Uthenga umabwera pokhapokha ikachikana. Ndiye kuti banki yanu imadziwa kuti cheke chayenda bwino poona kuti masiku adutsa osabwezedwa. N'chifukwa chake ngakhale wogwira ntchito ku banki woona mtima sangathe kukuuzani motsimikiza pa tsiku lachiwiri kuti cheke chanu chalipidwa.

Nanga ndalama zimene zimaoneka mu akaunti zija zimachokera kuti? Ndi za banki yanu. Imakulemberani mongoyembekezera, podalira kuti mnzake alipira. Ndipo ku Amereka siichita zimenezi mwa ufulu wokha, lamulo limaikakamiza. Kale mabanki ankasunga ndalama za macheke a anthu kwa nthawi yaitali, anthu n'kumadandaula, mpaka mu 1987 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti ndalama zizimasulidwa msanga. Ndondomeko yake imatchedwa Regulation CC. Kuyambira pa 1 Julaye 2025, madola 275 oyamba a macheke amene mwadipozita ayenera kumasulidwa tsiku lotsatira logwira ntchito, ndipo otsalawo, pa cheke wamba, tsiku lachiwiri logwira ntchito. Cholinga chake ndi chabwino, kuti munthu wolandira malipiro pa cheke asagone ndi njala podikira. Koma lamuloli limangonena za tsiku limene mungatape ndalama. Silinena kuti chekecho ndi chabwino, ndipo silichotsa ufulu wa banki wokulandani ndalamazo chikabwezedwa.

Tiyerekeze ndi nkhani ya mayi wina wa kwathu amene akukhala ku Indiana, chigawo china cha Amereka. Akugulitsa galimoto yake yakale pa madola 3,000, ndipo walengeza pa intaneti. Munthu wina akumulembera kuti waikonda, sakunenerera n'komwe, koma akuti ali kutali ndipo atuma wina kudzaitenga. Patapita masiku angapo mayiyo akulandira envulopu. Muli cheke cha madola 4,850, cha kampani ina imene iye sanaimvepo, chosindikizidwa bwino, dzina lake lili pamenepo. Wogulayo akuti madola 1,850 apamwambawo ndi a wonyamula galimoto, ndipo akupempha kuti cheke chikangokiliya mayiyo awatumize kwa wonyamulayo.

Mayiyo si wopusa. Akunena mumtima kuti satumiza kanthu mpaka ataziona ndalamazo ndi maso ake. Mu akaunti mwake muli madola 600. Lolemba m'mawa akupereka chekecho pa kauntala. Lachiwiri madola 275 amasulidwa. Lachitatu atatsegula foni, pamene palembedwa Available balance pakuoneka madola 5,450. Akuimba ku banki kufunsa kuti, "Kodi ndalama za cheke changa zija ndingathe kuzigwiritsa ntchito?" Akumuyankha kuti inde, zamasulidwa. Yankholo ndi loona, koma funso limene anafunika kufunsa linali lina. Tsiku lomwelo akutumiza madola 1,850 kwa wonyamula uja pa njira yotumizira ndalama pompopompo, akulipira lendi ya madola 900, ndipo akutumiza madola 500 kumudzi a fizi ya mwana wa achemwali ake. Mwatsala madola 2,200.

Tsopano tione zimene zinkachitika kuseri pa masiku omwewo. Lolemba usiku banki yake inatumiza chithunzi cha cheke. Lachiwiri banki yolipira inachilandira. Malamulo a ku Amereka amapatsa banki yolipira mpaka pakati pa usiku wa tsiku lotsatira logwira ntchito kuti ibweze cheke chimene sikufuna kulipira, ndiye kuti mpaka Lachitatu pakati pa usiku. Chobwezedwacho chimayembekezeka kufika ku banki ya wodipozita pofika 2 koloko masana a Lachinayi. Mukaika masiku awa pambali pa aja oyamba, muona pamene pali dzenje. Mayiyo analoledwa kutapa ndalama Lachitatu m'mawa, pamene banki yolipira inali isanathe nthawi yake yoganizira. Ngakhale chilichonse chitayenda mwa dongosolo, popanda wochedwa, ndalama zimamasulidwa yankho lisanabwere. Akanadipozita Lachinayi, Loweruka ndi Lamulungu zikanalowa pakati, chifukwa masiku amenewa sawerengedwa, ndipo tchuthi cha boma chikanawonjezera lina.

Kubwezedwa kwa msangaku ndi kumene timati cheke chabaunsa. Zifukwa zake ndi zodziwika: mu akaunti ya wolemba mulibe ndalama zokwanira, akaunti inatsekedwa, mwini wake analetsa, kapena banki yaona kuti pepalalo ndi lopeka. Pa chithunzi cha cheke chobwezedwa pamalembedwa chifukwa, monga NSF pamene ndalama sizikukwana, Stop Payment pamene mwini waletsa, kapena Refer to Maker pamene banki ikungoti kafunseni amene anakulemberani. Izi zimatha mkati mwa sabata imodzi.

Koma anthu amene amachita chinyengo chotere amadziwa kuti masiku awiri ndi ochepa, ndipo amafuna nthawi yotalikirapo. Apa m'pamene pamafunika kumvetsa bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti akadikira sabata imodzi ndiye kuti apulumuka.

Tinene kuti cheke cha mayi uja sichinali chopeka. Chinali chenicheni. Kampani ija inalembera munthu wina amene imachita naye malonda cheke cha madola 485, n'kuchiponya ku positi. Wakuba anachitenga m'bokosi la makalata, anafufuta dzina ndi ndalama ndi mankhwala, n'kulembapo dzina la mayiyo ndi madola 4,850. Chikafika ku banki yolipira, akaunti ilipo, ndalama zilimo, siginecha ndi yeniyeni. Macheke ambiri sayang'anidwa ndi munthu, amangodutsa m'makina, ndipo ichi chadutsa. Lachinayi lapita, palibe chabwezedwa. Sabata yatha, yachiwiri yatha. Kumapeto kwa mwezi wowerengera ndalama wa kampaniyo akuyerekeza sitetimenti ndi mabuku ake, n'kupeza kuti cheke chimene analemba 485 chatuluka ngati 4,850. Kapena mwini wake weniweni wa chekecho akuimba kufunsa kuti malipiro ake ali kuti. Kampaniyo ikudandaula ku banki yake ndi kusaina chikalata cholumbira kuti chekecho chinasinthidwa.

Nthawi ya pakati pa usiku ija inadutsa kalekale, ndiye banki yolipira singangochibweza ngati chobaunsa. Ili ndi khomo lina. Banki iliyonse ikapereka cheke kuti chilipidwe, lamulo limaitenga kuti yatsimikizira zinthu zingapo, ndipo ziwiri mwa izo ndi zakuti chekecho sichinasinthidwe, komanso kuti amene akulandira ndalamayo ndi woyeneradi kulandira. Zikapezeka kuti sizinali choncho, banki yolipira imauza banki yodipozita kuti ibweze ndalamazo. Nayenso wodipozita, posaina kumbuyo kwa cheke n'kuchipereka, anatsimikizira banki yake zomwezo, ngakhale sankadziwa kuti akutero. Ndipo pa mapepala amene tonse timasaina potsegula akaunti osawerenga, muli mawu opatsa banki mphamvu yochotsa ndalamazo mu akaunti. Nthawi ya khomo limeneli ndi yaitali kwambiri. Malamulo a m'zigawo zambiri za Amereka amapatsa mwini akaunti mpaka chaka chimodzi kuchokera pamene walandira sitetimenti kuti anene za cheke chosinthidwa, ngakhale mabanki ambiri amafupikitsa nthawiyi m'mapangano awo kufika pa mwezi umodzi kapena iwiri. Za siginecha yabodza ya kumbuyo kwa cheke zimatha kutuluka patapita nthawi yoposa pamenepo.

Tsiku limenelo mayi uja akutsegula foni n'kupeza kuti banki yachotsa madola 4,850. Pa madola 2,200 aja, akaunti yatsika kufika pa ngongole ya madola 2,650, ndipo mabanki ena amawonjezerapo chindapusa cha cheke chobwezedwa. Galimoto ikadali pakhomo, palibe anabwera kudzaitenga, chifukwa chimene wogula uja ankafuna sichinali galimoto. Madola 900 ndi 500 aja anagwiritsa ntchito pa zake, ngakhale sakanawatulutsa onse pa nthawi imodzi akanadziwa kuti ali ndi 600 okha. Koma madola 1,850 apita osabwerera. Iye anatumiza ndi dzanja lake, pa njira imene ilibe kubweza. Chinyengo chonse chagona pamenepa: kumupatsa munthu ndalama zimene zingathe kubwezedwa, n'kumupempha kuti atulutse zimene sizingabwezedwe.

Ndikamva nkhani zotere, chimene chimandipweteka ndi chakuti munthuyo anachita zonse zimene ankaona kuti ndi zanzeru. Anadikira, anayang'ana balansi, anaimba foni. Ndimaona kuti mabanki ali ndi mbali yawo pa vutoli, chifukwa mawu akuti "zamasulidwa" ndi akuti "chakiliya" amawagwiritsa ntchito mosasiyanitsa, pamene kasitomala akamva amatenga kuti nkhani yatha. Kalaliki atangowonjezera chiganizo chimodzi, chakuti chekechi chikhoza kubwezedwabe ndipo mudzalipira ndinu, anthu ambiri akanaima kaye.

Ena amati iwo amalandira cheke cha banki chokha, chija chimene banki imalemba yokha pa dzina lake, chimene pamwamba pake pamalembedwa Cashier's Check. Chenicheni ndi chodalirika ndithu. Vuto ndi lakuti lamulo lomwe lija limati cheke chotere, chikaperekedwa pa kauntala mu akaunti ya amene walembedwapo, chimasulidwe tsiku lotsatira logwira ntchito. Choncho chikakhala chopeka, ndalama zimaoneka msanga kuposa za cheke wamba, ndipo dzenje lija limakula. N'chifukwa chake akathyali amachikonda. Paja akulu amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Banki ili ndi mphamvu yochedwetsa kumasula ndalama pa zifukwa zina: ngati akaunti ndi yatsopano, yosakwana masiku 30, ngati macheke a tsiku limodzi apitirira madola 6,725, kapena ngati ili ndi chifukwa chomveka chokayikira chekecho. Pa cheke wamba kuchedwako kumatha kufika tsiku lachisanu ndi chiwiri logwira ntchito. Anthu amakwiya nazo, koma ine ndimati banki ikagwira cheke chanu motero, ifunseni chifukwa chake musanakalipe, chifukwa mwina yaona chimene inu simunaone. Muonenso kuti cheke cha mayi uja chinali pansi pa malire amenewa, ndipo si mwangozi.

Nanga munthu angadziwe bwanji? Pa pepala penipeni n'kovuta, makina osindikizira a masiku ano amanamiza ngakhale ogwira ntchito ku banki. Zizindikiro zili m'nkhani imene yabwera ndi chekecho. Dzina la wolemba cheke ndi losiyana ndi la munthu amene mukuchita naye malonda. Ndalama zaposa mtengo umene munagwirizana. Mukupemphedwa kutumiza gawo kwa munthu wachitatu, ndipo mukufulumizitsidwa. Chimodzi chokha mwa izi chikwanira kuti muime. Nkhaniyo imasintha zovala, lero ndi galimoto, mawa ndi ntchito yosamalira gogo kumene akutumizirani cheke choti mugulire zipangizo kwa munthu amene iwo asankha, koma mafupa ake ndi omwewo. Ngati mukufuna kufufuza, imbani ku banki imene yalembedwa pa cheke, pa nambala imene mwaipeza nokha, osati yosindikizidwa pa chekecho. Dziwani kuti iwo angangokuuzani za akaunti ndi nambala ya cheke, ndipo ena sayankha n'komwe. Pa cheke chosinthidwa ngati chija, wokhoza kukuuzani zoona ndi kampani imene inachilemba: kodi munalembera ine cheke nambala yakuti, cha ndalama zakuti? Ku banki yanu funso loyenera ndi lakuti, "Kodi chekechi chingabwezedwebe, ndipo chikabwezedwa alipira ndani?"

Ku Britain zinthu zinakonzedwa mosiyana, ndipo abale amene ali kumeneko asatenge mantha a ku Amereka onse. Kuyambira mu Novembala 2007 kunali ndondomeko imene ankaitchula kuti 2-4-6: chiwongoladzanja chinkayamba pa tsiku lachiwiri logwira ntchito, munthu ankatha kutapa pa tsiku lachinayi, koma ndalama zinkakhala zake motsimikizika pakutha pa tsiku lachisanu ndi chimodzi. Dzenje linalipo, pakati pa tsiku lachinayi ndi lachisanu ndi chimodzi, koma linali ndi mapeto odziwika. Kuyambira mu Okutobala 2017 anayamba kukiliya ndi zithunzi, ndipo tsopano cheke choperekedwa pa tsiku logwira ntchito, nthawi yotsekera isanakwane, chimadziwika mapeto ake pofika 23:59 tsiku lotsatira logwira ntchito. Ikadutsa nthawi imeneyo ndalama ndi zanu, pokhapokha ngati inuyo munali nawo m'chinyengocho mukudziwa. Komabe pa maola apakatiwo ndalama zimatha kuoneka pa sitetimenti zisanatsimikizike, ndipo chitetezo chimenechi ndi cha macheke a mapaundi a mabanki a m'dzikomo okha.

Cheke chochokera kunja ndi nkhani ina, ndipo iyi ikukhudza ngakhale amene ali kumudzi, monga mpingo kapena bungwe limene lalandira cheke cha madola kuchokera kwa wofuna kwabwino. Cheke chotere sichilowa m'dongosolo la kukiliya la dziko limene mwachiperekera. Banki yanu, ngati ivomera kuchilandira, imachitumiza kwa banki inzake ya kunja kuti ikatolere, ndipo zimatenga masabata. Ikakupatsani ndalama msanga, imatero ndi pangano lakuti idzazitenganso chikakanidwa. Ndipo popeza cheke cha ku Amereka chimatsata malamulo a ku Amereka kulikonse kumene chapita, khomo lija la cheke chosinthidwa limakhala lotsegukabe. Chikabwezedwa, banki imafuna madola ake, ndiye ngati ndalama ya kwanu yagwa mphamvu pakatipo, mutha kubweza zambiri kuposa zimene munalandira.

Tibwerere kwa mayi wa ku Indiana, amene tsopano ali ndi ngongole ya madola 2,650. Choyamba ndi kupita ku banki tsiku lomwelo, osabisala. Atenge envulopu imene munabwera cheke, mauthenga onse a wogula uja, ndi umboni wa kumene anatumiza madola 1,850. Izi n'zofunika chifukwa pa mabuku a banki iye ndi amene anadipozita cheke chobedwa, ndipo ayenera kuonetsa kuti ananamizidwa, sanali mnzawo wa akubawo. Apemphe chithunzi cha cheke chobwezedwacho ndi chifukwa chake cholembedwa. Adziwitse msanga kampani kapena banki imene anadzera potumiza ndalama zija, ngakhale mwayi wozipeza ndi wochepa, ndipo akanene ku polisi ndi ku Federal Trade Commission, bungwe la boma limene limalandira madandaulo a chinyengo chotere. Malipiro ake a kuntchito akalowa mu akaunti imeneyo, banki iyamba yadzilipira, choncho akambirane nawo za kubweza pang'onopang'ono tsiku la malipiro lisanafike. Akaisiya ngongoleyo osaikhudza, banki imatseka akaunti n'kupereka dzina lake ku ChexSystems, kampani imene mabanki ambiri a ku Amereka amafunsako munthu asanatsegule akaunti, ndipo mbiri yotere imatha kukhalako zaka zisanu.